Meda ya Amayi, Meda ya Mnyamata

Aliyense amene anagulapo nyemba kapena kapenta ku Soweto amadziwa kuti meda si meda. Chigubu n'chomwecho, koma wina amachidzaza mpaka chitatundumuka kaphiri pamwamba, wina amapititsapo dzanja kuti chikhale chasalala. Onse awiri akakuuzani kuti akupatsani meda imodzi sakunama. Malikisi a mayeso nawo ali choncho, makamaka pa chimangirizo, pomwe palibe yankho limodzi lokhoza. Kusiyana kwake n'kwakuti wogula nyemba amaona ndi maso ake, n'kusamukira kwa wogulitsa wina, pamene mwana wasukulu sasankha amene adzachonga pepala lake.

Ine ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale ku Kanyama. Chingerezi si munda wanga, ndipo nkhani imeneyi inandipeza chifukwa choti pasukulu anthu amaganiza kuti chilichonse chokhala ndi manambala n'cha munthu wa masamu. Kuyambira mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi athu anatupa. Pa moko wa Giredi 12 tinali ndi makalasi anayi, iliyonse ya ana 60, ndiye kuti mapepala 240 a chimangirizo. Munthu mmodzi sangawerenge zonsezo m'masabata awiri uku akuphunzitsanso. Choncho anagawana anthu awiri. Mmodzi ndi mayi wachikulire, woti waphunzitsa zaka zoposa makumi awiri, amene ana amati cholembera chake chofiira chimatha inki sabata iliyonse. Winayo ndi mnyamata wongochoka kumene ku koleji, wokonda nkhani zokoma, amene akaona chiganizo chimodzi chokongola mtima wake umasungunuka. Mnyamatayo anatenga 12A ndi 12B, amayi anatenga 12C ndi 12D.

Atamaliza kalasi imodziimodzi, malikisi atawasandutsa kuti akhale pa 100, avereji ya 12A inali 58 ndipo ya 12C inali 44. Pakati pake panali dzenje la malikisi 14.

Dzenje limeneli si la masewera. Pasukulu pathu timatsata magiredi a bungwe la mayeso la ECZ, oyambira pa 1 mpaka 9, ndipo mzere umene aliyense amauyang'ana ndi wa giredi 6, umene pa moko timauika pa 50. Mwana wopanda giredi 6 m'Chingerezi amadziwa kuti zitseko zambiri za makoleji sizidzamutsegukira. Moko si mayeso enieni, komabe ndi umene umatiuza ana oti tiwaitane ku maphunziro apadera a Loweruka, ndi umene makolo amauona, ndipo chaka chimenecho panali kabungwe kena kothandiza ana a m'makomboni kamene kanapempha maina a ana khumi okhoza koposa. Malikisi akanati apite monga analili, khumi onsewo akanachokera m'manja mwa mnyamata.

Mkulu wa gawo la zilankhulo anabwera ndi maganizo ooneka osavuta. "Ba masamu," anatero, "ingowonjezerani 14 kwa ana onse a amayi, nkhani ithe." Anthu ambiri amaganiza motere, ndipo ngakhale amene anaphunzirako masamu a chiwerengero amachita zofanana nazo, kungoti amaziveka suti: amakoka avereji ya gulu lililonse kuti zifanane. Vuto lake lili pa funso limodzi lomwe manambala awiri aja sangayankhe. Kodi 14 ameneyu ndi wa ochonga, kapena ndi wa ana? Kalasi ya 12A pasukulu pathu ndi ya sayansi, ndipo ana ake anasankhidwa chifukwa anakhoza bwino Giredi 9. Ngakhale mngelo akanatsika kudzachonga makalasi onse awiri ndi dzanja limodzi, 12A ikanapitirirabe 12C. Ndiye mukawonjezera 14 yense, mwafufuta kuumira kwa amayi, koma mwafufutanso kusiyana kwenikweni kwa ana, ndipo mwalanda 12A zomwe inagwirira ntchito. Zikanathekanso kutembenuka: amayi akanakhala kuti ndiwo anatenga kalasi ya sayansi, maavereji awiriwo akanatha kufanana ndendende, aliyense n'kumati zonse zili bwino, kuumira kutabisala pansi pa nzeru za ana.

Kuti mudziwe kusiyana kwa meda ziwiri, muyenera kuthiramo nyemba zomwezo. Mwayi wathu unali woti 12B ndi 12D zinali zisanakhudzidwe ndi cholembera. Ndinatenga kaundula wa makalasi awiriwo, n'kumatola mwana wachinayi aliyense, osayang'ana kuti ndi ndani. Panatuluka mapepala 30, khumi ndi asanu uku, khumi ndi asanu uko. Ndinaphimba maina, n'kupita nawo ku kashopu ka fotokope pafupi ndi msika. Magetsi anali atapita, ndipo ndinadikira mpaka mwini wake atabwereka kajenereta kwa wometa tsitsi woyandikana naye. Mapepala enieni ndinawabwezera m'milu yawo mwakachetechete, ndipo makope ndinapereka kwa wochonga winayo. Motero pepala lililonse mwa 30 aja linawerengedwa kawiri, ndi anthu awiri osaonerana. Kubisa kumeneku kuli ndi chifukwa. Munthu akadziwa kuti pepala ili likamuyeza iyeyo, amachonga mosamala kuposa masiku onse, ndipo chimene mumayeza si dzanja lake la tsiku ndi tsiku. Sindikanatha kubisa makope, koma theka la mapepalawo aliyense anawachonga osadziwa.

Amayi sanakondwe nazo poyamba. "Mwana wanga, ine nachonga mapepala iwe usanayambe kuvala nsapato," anandiuza, "manje ufuna kunipima?" Ndinawayankha kuti sindikupima iwo, ndikupima mpata wa pakati pa iwo ndi mnzawo, ndipo mpatawo si wa munthu mmodzi. Ndinawafotokozeranso za anthu awiri a ku Amereka, Daniel Starch ndi Edward Elliott, amene mu 1912 anatumiza makope a mapepala awiri a Chingerezi ku masukulu ambiri. Aphunzitsi 142 anachonga, ndipo pepala limodzi linapeza malikisi oyambira pa 64 mpaka 98, linalo pa 50 mpaka 97. Onsewo anali aphunzitsi odziwa ntchito. Amayi anangoti, "Wa 50 uja ndiye anali kuwerenga," n'kutenga makope awo.

Zotsatira zake zinali izi. Pa mapepala 30 omwewo, avereji ya amayi inali 46, ya mnyamata 56. Ndiye kusiyana kwa manja awo kunali 10, osati 14. Malikisi anayi otsalawo anali a ana eni ake.

Apa munthu akhoza kunena kuti basi, wonjezerani 10. Koma panali chinthu chachiwiri, chomwe kwa ine ndicho chinali chokoma m'nkhani yonseyi. Malikisi a amayi anali ounjikana. Ana ambiri anawaika pakati pa 38 ndi 54, ndipo 60 ankamupereka ngati akudula chala chawo. A mnyamata anali omwazikana: mwana womusangalatsa ankamuponya ku 75, womutopetsa ku 35. Kumwazikana kumeneku kuli ndi muyeso wake, umene pa kompyuta mumaupeza ndi `STDEV.P`, monga mmene avereji mumaipezera ndi `AVERAGE`. Kunena mwachidule, ndi mtunda woti mukauyenda kuchoka pa avereji, kupita m'mwamba ndi m'munsi, mumakuta ana pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Kwa amayi mtundawo unali 8, kwa mnyamata 12.

Tanthauzo lake n'lakuti amayi sanali oumira paliponse mofanana. Tengani mwana amene amayi anam'patsa 30. Ali malikisi 16 pansi pa avereji yawo, ndiye kuti masitepe awiri a 8. Masitepe awiri pansi kwa mnyamata ndi 56 kuchotsa 24, zomwe ndi 32. Pansi pamenepa ochonga awiriwa akungosiyana ndi malikisi awiri okha. Tsopano tengani mwana amene amayi anam'patsa 62, masitepe awiri m'mwamba. Kwa mnyamata ameneyo ndi wa 80. Pamwambapa akusiyana ndi 18. Kuumira kwa amayi kunkagwera ana okhoza, osati ofooka. Tikanangowonjezera 10 kwa onse, mwana wa 30 akanafika pa 40 n'kuoneka ngati wapulumuka pomwe ochonga onse awiri akugwirizana kuti walephera, ndipo mwana wa 62 akanalandira pafupifupi theka lokha la zomwe anamanidwa.

Ndiye panafunika kukonza zinthu ziwiri nthawi imodzi, pakati ndi kumwazikana. Panafunikanso kusankha kuti tikokera ku meda ya ndani. Pamenepa masamu sanena kanthu. Mapepala 30 amakuuzani kuti anthu awiri akusiyana motani, sakuuzani amene akulondola. Tinagwirizana zokumana pakati: avereji 51, kumwazikana 10. Ndinalemba mizere iwiri, `A2` kukhala malikisi amene wochonga anapereka, woyamba wa ana a amayi, wachiwiri wa ana a mnyamata.

```
=51+(A2-46)*10/8
=51+(A2-56)*10/12
```

Zimene mizereyi imachita n'zosavuta kuposa mmene ikuonekera. Imafunsa kuti mwanayu ali kutali bwanji ndi pakati pa wochonga wake, imatambasula kapena kufupikitsa mtundawo, kenako imauyeza kuchokera pa 51. Mtsikana wa 12C amene anali ndi 62 anakwera kufika pa 71. Mnyamata wa 12A amene anali ndi 74 anatsika kufika pa 66. Poyamba mtsikanayo anali kumbuyo ndi malikisi 12, ndipo ngakhale tikanamuwonjezera 10 akanatsalabe kumbuyo, 72 kwa 74. Tsopano anali patsogolo ndi asanu, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa khumi aja. Maavereji a makalasi nawo sanafanane, ndipo sanayenera kufanana: 12A inakhala pafupifupi 53, 12C inakhala 48 ndi theka. Kalasi ya sayansi inakhalabe pamwamba, koma ndi malikisi anayi, osati khumi ndi anayi.

Masamu amtunduwu amapatsa wina polanda wina, ndipo amene walandidwa ali ndi nkhope. Panali mwana wa 12B, wokhala ku Chawama, amene amayenda wapansi tsiku lililonse kudutsa njanji ndi msewu wa Kafue. Mnyamata anam'patsa 53, giredi 6. Mzere wachiwiri uja unam'tsitsa kufika pa 48 ndi theka, giredi 7. Mphunzitsi wakeyo anabwera kwa ine nkhope ili gwaa. "Ba masamu, mwana uyu nam'dziwa, amalimbikira. Kompyuta yanu siinawerenge pepala lake." Ankanena zoona, ndipo ine ndinali ndi zifukwa ziwiri zogwirizana naye.

Choyamba n'chimene ndatchula kale, kuti 51 tinachita kusankha. Tikanasankha meda ya mnyamata, mwanayu akanakhalabe ndi 53. Chachiwiri n'chakuti 10 uja si mwala. Tikanatola mapepala ena 30, tikanapeza mwina 9, mwina 12. Kusiyana kwa ochonga pa pepala limodzilimodzi kunkamwazikana ndi malikisi pafupifupi 7, ndipo mukagawa 7 ndi muzu wa 30 mumapeza 1.3. Mukachulukitsa kawiri, mumaona kuti mpata weniweni uyenera kuti uli penapake pakati pa 7 ndi 13. Zimenezi n'zokwanira kutsimikiza kuti amayi ndi oumira, koma n'zosakwanira kugamula mwana amene waphonya mzere ndi likisi limodzi ndi theka. Tikanatola mapepala asanu okha, monga ena ankafunira pofuna kusunga ndalama ya fotokope, mpatawo ukanakhala waukulu moti sitikanadziwa chilichonse chodalirika.

Choncho tinaika lamulo loti pepala lililonse logwera pakati pa 47 ndi 53 likatha kukonzedwa liwerengedwenso ndi onse awiri atakhala pamodzi, pepala la malangizo a kachongedwe lili patebulo. Linalinso lamulo la ana amene anali m'mphepete mwa mndandanda wa khumi. Anakhala madzulo atatu. Ndinkawamva kudzera pakhoma akukangana za mawu a nthawi yakale ndi ndime zosagawidwa. Mwana wa ku Chawama anamaliza ndi 49. Anaitanidwa ku maphunziro a Loweruka, ndipo m'maganizo mwanga 49 woona anam'thandiza kuposa 53 amene akanam'goneka tulo mpaka mayeso enieni, ngakhale mphunzitsi wake mpaka lero sagwirizana nane.

Pali chinthu china chimene mizere yanga iwiri sikanatha kuchikhudza n'komwe. Nditakonza malikisi a mapepala 30 aja, ndinaika manambala a amayi ndi a mnyamata moyandikana. Ambiri anayandikirana, kusiyana ndi malikisi atatu kapena anayi. Atatu anakana. Loipitsitsa linali la mwana amene analemba za madzi osefukira m'Kanyama: mmene banja lawo linakwezera matiresi pa njerwa, mmene ankalipira munthu wa wilibala kuti awaolotse popita kusukulu, mmene agogo ake anakanira kuchoka m'nyumba chifukwa cha nkhuku zawo. Amayi anapereka 38, mnyamata 68. Titakonza, zinakhala 41 ndi 61, kusiyanabe ndi malikisi 20. Ndinaliwerenga nanenso. Nkhaniyo inali yamoyo moti munthu umamva fungo la matope, koma pafupifupi mzere uliwonse unali ndi liwu lolembedwa molakwika, ndipo malo ambiri mwanayo ankaganiza m'Chinyanja n'kungoveka maganizowo mawu a Chingerezi.

Pamenepa sipanalinso nkhani ya meda yodzaza ndi yosadzaza. Mmodzi ankayeza nyemba, winayo ankayeza chimanga. Kukonza malikisi kumagwira ntchito pokhapokha ochonga akugwirizana kuti pepala ili laposa ilo, n'kumangosiyana pa kuchuluka kwa malikisi. Akasiyana pa kandandalikidwe ka ana, palibe kuwonjezera kapena kuchulukitsa kumene kungawagwirizanitse, pakuti mzere wa masamu umasuntha ana onse a wochonga mmodzi pamodzi, susinthanitsa malo awo. Njira yodziwira ndi yomweyi yoika manambala moyandikana mutatha kukonza. Atatu mwa 30 tinawapirira. Akanakhala khumi, ndikanauza mkulu wa gawo kuti tisiye kompyuta, anthu akhale pansi agwirizane kaye chimene akufuna m'chimangirizo, kenako achongenso. Komabe atatu mwa 30 ndi mmodzi mwa khumi, ndiye kuti mwa ana 240 panali mwina makumi awiri ndi anayi amene giredi yawo inadalira mulu umene pepala lawo linagwera, ndipo ambiri a iwo sitinawadziwe.

Pepala la madzi osefukira linapita kwa mkulu wa gawo, amene analipatsa 50 atatha kuliwerenga kawiri. Amayi anati wachita chifundo. Mnyamata anati waba malikisi a mwana.

Teremu yotsatira tinasintha kagawidwe. M'malo mogawana makalasi, anagawana mafunso, monga amachitira ochonga mayeso a boma akakhala m'magulu, pepala n'kumayenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Amayi anatenga gawo la lipoti ndi kalata kwa ana onse 240, mnyamata anatenga gawo la nkhani. Mwana aliyense anadutsa m'manja onse awiri, ndipo kuumira ndi kuwolowa manja kunagwera onse mofanana, popanda fotokope, popanda jenereta. Chotsala n'chakuti amene malikisi ake ndi omwazikana amakhala ndi mawu aakulu pa mndandanda womaliza. Magawo awiriwa pa pepala ndi olemera mofanana, koma poti mnyamata amatalikitsa ana ndi 12 pomwe amayi amawatalikitsa ndi 8, gawo la nkhani ndilo limakoka kwambiri kuti ndani akhale pamwamba. Ndinawauza zimenezi m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo amayi anati ayesa kugwiritsa ntchito malikisi a pamwamba pa 60. Pa mayeso otsatira anapereka 65 kwa ana awiri.